Makalata a Omvera: Kufupikitsa Mgwirizano wa Thandizo

"Ndangoyamba kuyang'anira pulojekiti. Mgwirizano umene tinasainirana ndi otipatsa thandizo ndi wautali, ndipo anzanga a kuntchito sauwerenga. Ndiufupikitse bwanji?"

Mayi, kalata yanu yandikhudza kwambiri sabata ino. Lembani tsamba limodzi lokha, ndipo pamwamba muikepo tsiku loyamba ndi lomaliza la pulojekiti. Ndalama yogwiritsidwa ntchito kunja kwa masiku amenewo kawirikawiri imakanidwa, ngakhale lisiti likhale loona.

Tsono pa malipoti ndi pamene ambiri amaphonya. Musangokopera tsiku la opereka thandizo. Tinene kuti gawo la miyezi itatu latha pa 31 Malichi, ndipo mgwirizano ukuti lipoti lifike pasanathe masiku 30. Ndiye kuti malire ndi 30 Epulo. Mukalemba tsiku limeneli lokha, malisiti adzakupezani pa 29, akauntanti thukuta lili kamukamu! Werengani chobwerera m'mbuyo: malisiti ndi mapepala osainapo obwera kumaphunziro afike pofika 7 Epulo, akauntanti atseke mabuku pofika 15, lipoti la ntchito ndi la ndalama muwayerekeze pa 22, abwana asaine pa 27. Kuyerekezako nkofunika. Lipoti lina likati munaphunzitsa anthu 40 pomwe malisiti a chakudya akuonetsa 60, mafunso ayamba, ndipo gawo lotsatira la ndalama likhoza kuchedwa.

Zogula muzigawe patatu: zololedwa, zofunika chilolezo cholembedwa musanagule, ndi zoletsedwa, monga mowa ndi zindapusa. Pa mfundo iliyonse lembani nambala ya ndime ya mumgwirizano, kuti wokayika akadzionere yekha. Musaiwale zolembedwa kumapeto kwa mgwirizano, chifukwa malamulo ogulira katundu amakonda kukhala kumeneko.

Bambo wina akufunsa ngati angasamutse ndalama kuchoka pa maphunziro kupita pa mafuta a galimoto. Bambo, onani malire mumgwirizano wanu. Ngati akuti 10 peresenti, pa mzere wa bajeti wa madola 20,000 musapitirire 2,000 musanapemphe.

Achemwali amene mukuti woimira opereka thandizo anakulolani pafoni, mupempheni alembe imelo lero, muisunge.

Koma abale anga, ndinene poyera. Makalata angapo akudandaula chinthu chimodzi, kuti mgwirizano umatsekeredwa mu ofesi ya abwana. Izi sizabwino. Wogula katundu, woyendetsa galimoto, wokonza maphunziro, amenewa ndiwo amagwira ndalama tsiku ndi tsiku. Mungawadzudzule bwanji kuti sanatenge makoteshoni atatu pamene simunawauze kuti amafunika kuyambira pa mtengo wanji? Oyendera mabuku akakana ndalama, bungwe limabweza kuchokera m'thumba lake. Khalani nawo pansi, muwerengere limodzi tsambalo, ndipo mgwirizano ukasinthidwa mulembe latsopano lokhala ndi deti, lakalelo mulichotse pakhoma.