Nambala ya hekisi ya ndege: mmene imaululira dziko limene ndegeyo inalembetsedwa

[Pa sikirini: mapu a Flightradar24, tadina ndege imodzi]

Moni nonse. Mukadina ndege pa mapu ngati awa, mumaona dzina la kampani, kumene ikuchokera ndi kumene ikupita. Mukatsika m'munsi mupeza kamzere kolembedwa ICAO 24-bit address, ndipo pambali pake pali zilembo zisanu ndi chimodzi zosakaniza manambala ndi malemba, monga 3C65A1. Ambiri amangodutsapo. Lero tikhala pa kamzere kameneka, mpaka mudziwe kuwerenga nokha dziko la ndege poyang'ana zilembo zoyambirira.

M'ndege muli kabokosi ka wayilesi kotchedwa transiponda. Rada ya pansi imafunsa pa 1030 MHz, kabokosiko nkuyankha pa 1090 MHz. Kale ndege zinkadziwika ndi nambala ya zilembo zinayi imene woyendetsa amapatsidwa ndi oyang'anira mlengalenga, koma nambala zoterezi zilipo 4,096 zokha, ndipo zimasintha ulendo ndi ulendo. Njira ya Mode S inabwera ndi nzeru ina: ndege iliyonse ikhale ndi adiresi yakeyake yosasintha, kuti rada izitha kuitana ndege imodzi payokha, zina zonse zili chete.

Adiresiyo ndi mabiti 24, kutanthauza malo 24 amene aliyense amakhala 0 kapena 1. Kulemba mzere wautali chotero nkotopetsa, choncho amawamanga anayi anayi, gulu lililonse nkulipatsa chilembo chimodzi: 0 mpaka 9, kenako A mpaka F. A ndi 10, F ndi 15. Imeneyi ndiyo hekisi. Maadiresi onse otheka ndi 16,777,216, koma awiri sapatsidwa kwa ndege iliyonse: 000000, ndi FFFFFF imene rada imagwiritsa ntchito poitana ndege zonse nthawi imodzi.

[Pa sikirini: tebulo la zigawo]

Amene amagawa maadiresiwa ndi ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege pa dziko lonse, lomwe likulu lake lili ku Montreal, ndipo tebulo lake lili mu Annex 10, Volume III. ICAO sipereka nambala kwa ndege. Imadula chigawo nkupereka kwa dziko, ndipo ofesi yolembetsa ndege ya dzikolo ndi imene imatapa m'chigawomo. Zikufanana ndi +265 pa lamya: zoyambirira ndi za dziko, zotsalazo dziko limagawa lokha.

Kusiyana kwake nkwakuti mutu wa dziko, womwe ndi mabiti oyambirira aja, sufanana kutalika. Mutu ukakhala waufupi, malo otsala amachuluka, chigawo chimakula.

```
Amereka       A00000-AFFFFF   1,048,576
Jeremani      3C0000-3FFFFF     262,144
South Africa  008000-00FFFF      32,768
Malawi        058000-058FFF       4,096
Zambia        08A000-08AFFF       4,096
```

Amereka mutu wake ndi mabiti anayi okha, 1010, omwe ndi chilembo A. Mabiti 20 otsala ndi awo onse. Rasha nayo ili ndi chigawo chachikulu chomwecho, choyamba ndi 1. Malawi mutu wake ndi mabiti 12, omwe ndi zilembo zitatu zathunthu, 058, ndipo zilembo zitatu zotsala zimapereka maadiresi 4,096. Mayiko ena ang'onoang'ono anapatsidwa zigawo zochepa kuposa pamenepa.

Apa ndi pamene anthu amasokonezeka, ndiye tiyende pang'onopang'ono. Kwa Amereka ndi Malawi malire a mutu akugwera pakati pa chilembo ndi chilembo, choncho diso limaona msanga. Kwa Jeremani mutu ndi mabiti asanu ndi limodzi, ndiye malire akudula chilembo chachiwiri pakati. Tiyeni tiphwanye adiresi ija, 3C65A1.

```
3    C    6    5    A    1
0011 1100 0110 0101 1010 0001
```

Tengani mabiti asanu ndi limodzi oyamba: 0011 ochokera ku 3, ndi 11 ochokera ku theka loyamba la C. Tapeza 001111. Ameneyo ndi Jeremani. Theka lachiwiri la C, lomwe ndi 00, si la dziko ayi, ndi gawo la nambala ya ndegeyo. Nchifukwa chake 3C, 3D, 3E ndi 3F onse ndi Jeremani: C, D, E ndi F onse amayamba ndi 11.

Tsono bwererani m'mbuyo sitepe imodzi yokha, mulembe 3B. B ndi 1011, imayamba ndi 10, ndiye mutu wasanduka 001110. Mwatuluka m'Jeremani, mwalowa m'Falansa, imene chigawo chake ndi 380000 mpaka 3BFFFF. Mukabwereranso, 34 mpaka 37 ndi Sipeni, 30 mpaka 33 ndi Italiya. Chilembo choyamba ndi 3 konsekonse, koma mayiko ndi anayi. Ine ndimakonda kwambiri chitsanzo chimenechi, chifukwa ukachimvetsa tebulo lonse limasiya kuoneka ngati manambala ongomwaza.

Yesani ya South Africa. Mutu wake ndi mabiti asanu ndi anayi: maziro asanu ndi atatu, kenako 1. Ndiye 00 payekha sakwanira, chilembo chachitatu chiyenera kukhala 8 kapena kuposerapo. 00B ndi South Africa, koma 006 ndi Mozambique.

[Pa sikirini: N1 ndi A00001]

Dziko likalandira chigawo, kagawidwe ka mkati ndi kake. Amereka anangotsata ndondomeko ya nambala zolembedwa pathupi la ndege: N1 ndi A00001, N1A ndi A00002, mpaka N99999 imene ndi ADF7C7. Kumeneko ukadziwa imodzi ukhoza kuwerengetsa inzake. Zotsala pamwamba pa ADF7C7 amagwiritsa ntchito asilikali, nchifukwa chake ndege zambiri za nkhondo za ku Amereka zimayamba ndi AE. Mayiko ena ambiri alibe masamu otere, amangopereka nambala nkuilemba m'kaundula.

Kumbukirani kuti adiresi imanena za kumene ndege inalembetsedwa basi. Sinena za mwini wake, kapena utoto umene yapakidwa. Kampani ikabwereka ndege yolembetsedwa ku Ethiopia, ndegeyo imaulutsabe adiresi yoyamba ndi 040, ngakhale ikhale ikugona ku Chileka tsiku lililonse. Ikachotsedwa m'kaundula wa kumeneko nkulembetsedwa ku Malawi, nkupatsidwa nambala ya pathupi yoyamba ndi 7Q, mpamene imalandira adiresi yatsopano ya 058.

Ndipo pa kusintha kumeneku ndi pamene zinthu zimalakwika. Adiresi ndi ya ndege, si ya kabokosi. Pa ndege zina imaikidwa polumikiza timawaya kumbuyo kwa pamene kabokosi kamakhala, pa zina imalowetsedwa m'makina. Amakaniki akapenta nambala yatsopano koma nkuiwala adiresi, ndege imauluka ndi dzina la dziko lakale. Kawaya kamodzi kakamasuka, biti imodzi imatembenuka. Tangoganizani biti imene ili m'mutu: 3C kusanduka 38, ndege ya Jeremani nkuoneka ya Falansa.

Mbendera yolakwika pa mapu si nkhani yaikulu. Choopsa ndi ndege ziwiri kuuluka dera limodzi ndi adiresi imodzi. Rada ya Mode S komanso TCAS, chipangizo chochenjeza ndege kuti zisawombane, zonse zimasiyanitsa ndege ndi adiresi imeneyi, ndiye ziwiri zikafanana makina akhoza kuziphatikiza kapena kutaya imodzi. Pa mapu mumazindikira poona ndege ikudumphadumpha pakati pa malo awiri otalikirana, kapena mtundu wolembedwa wosagwirizana ndi liwiro lake. Kwa amakaniki, njira yake ndi kuyeza ndege ili pansi ndi chipangizo chofunsa transiponda, nkuyerekeza zilembo zisanu ndi chimodzi zimene yayankha ndi zimene ofesi yolembetsa inapereka. Ndege zazikulu zimakhala ndi matransiponda awiri, ndipo onse awiri ayenera kuyezedwa, chifukwa imodzi ikhoza kukhala yolondola inzake ikuulutsa nambala ina.