Mwanabere wa m'khosi: uthenga wa mawu ku gulu la amayi a ku Mufakose

Mwaswera bwanji amayi nonse pagulu pano. Ndine uja ndinali namwino ndisanapume. Pepani uthengawu utalikirapo, mumvere mukamaliza kuphika. Anthu atatu andifunsa sabata ino za kachotupa ka m'khosi mwa mwana, ndiye ndati ndiyankhire pamodzi.

Choyamba, mwanabere sabwera kuchokera kunja. Timabadwa nato timinofu timeneti, tili kunsi kwa chibwano, kuseri kwa makutu, m'mbali mwa khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Ntchito yake ndi kusefa tizilombo. Pakakhala chilonda kapena matenda pafupi, kamene kali pafupi ndi malowo kamatupa. Ndiye mukapeza chotupa, musayambe ndi kuchiyang'anitsitsa chotupacho. Yambani kufunafuna chomwe chautsa.

Mukhazikeni mwanayo pansi powala, inu muime kumbuyo kwake. Gwiritsani nsonga za zala zitatu, osati kutsina ayi, kungosisita pang'onopang'ono. Yambani kunsi kwa chibwano, mutsate nsagwada mpaka kukhutu, mutsike m'mbali mwa khosi, mukathere pa kadzenje kaja kali pamwamba pa fupa lopingasa pakati pa khosi ndi phewa. Mbali zonse ziwiri, kuti muyerekeze. Mukatero atsegule pakamwa, muunike ndi tochi ya pafoni. Kukhosi kwafiira? Pali dzino lobowoka, nkhama zatupa? Khutu likutuluka mafinya? Mufunyululenso tsitsi. Ana athu ambiri amene amatupa kuseri kwa khosi amakhala ndi chipere kapena tizilonda m'mutu, makamaka akangometedwa kumene kapena akalukidwa mothina.

Mwanabere wa matenda wamba amadziwika. Wabwera masiku awiri kapena atatu apitawa, pamodzi ndi chimfine kapena zilonda zakukhosi. Mukamukhudza amapweteka, ndi wofewerapo, ndipo amathawathawa pansi pa chala ngati nyemba m'thumba. Kukula kwake ngati nyemba kapena nzama. Ameneyu mankhwala ake ndi kuchiza chomwe chamuutsa. Ngati ndi chimfine, madzi ambiri, panado pa mlingo wa msinkhu wa mwanayo, ndi kansalu kofunda pamalopo. Ngati ndi dzino, pitani nalo kwa adokotala a mano. Koma ngati kukhosi kuli mafinya oyera, thupi latentha kwambiri ndipo mwana sakutsokomola, pitani kukiliniki, chifukwa zilonda zina zakukhosi zikapanda kuchizidwa zimadzawononga mtima wa mwana patsogolo.

Tsopano chimene ndikufuna muchite ndi ichi. Lembani tsiku limene mwachiona chotupacho, pakalendala kapena mufoni. Muyerekeze kukula kwake ndi chinthu chodziwika, kaya nyemba, kaya nzama, kaya dzira la nkhunda. Kenako muchisiye. Osamachifinya m'mawa, masana ndi madzulo, chifukwa kuchigwiragwira kumachititsa kuti chisaphwe msanga. Muzichiona kamodzi pa masiku atatu kapena anayi. Chikayamba kuchepa pomatha masabata awiri, ndiye kuti zili bwino. Mwa ana kanthu kakang'ono ngati nyemba kamatha kutsalira miyezi, kosapweteka, kosakula, mwana akudya ndi kusewera. Zimenezo sizitidetsa nkhawa.

Chomwe chimandiopsa ine ndi chotupa chosapweteka chimene chikukula. Anthu amaganiza kuti chosapweteka ndiye chabwino, pomwe ife kuchipatala chimenecho ndiye timachiyang'ana kawiri.

Ndikuuzeni za mnyamata wina wa kubanja kwathu, wa zaka 26, wogwira ntchito pa kombi. Anamera chotupa mbali imodzi ya khosi, chosapweteka. Patatha mwezi zinakhala zitatu zomatirirana, ukagwira ngati mphesa zomangidwa pamodzi. Anagula makapusozi kwa ogulitsa m'misewu, anamwa kawiri konse, osasintha. Agogo ake anati amutemere mphini. Nditamuona ndinamufunsa mafunso atatu okha. Usiku umatuluka thukuta? Anati inde azakhali, mpaka kusintha malaya ngakhale mwezi wa June kukuzizira. Lamba wako ali pa bowo lomwe lija? Anati wabwerera mabowo awiri. Thupi limatentha madzulo? Inde. Koma ankakana kuti sichingakhale chifuwa chachikulu chifukwa sakutsokomola. Apa ndi pamene ambiri amasochera. Chifuwa chachikulu chimatha kukhala mwa mwanabere wa m'khosi munthu osatsokomola n'komwe. Chikasiyidwa chotupacho chimafewa pakati, osatentha ngati chithupsa, kenako chimaphulika n'kumachucha osapola.

Tinayambira kukiliniki ya khonsolo ya kudera kwawo, monga mmene zimayendera kuno ku Harare, iwo ndiwo analemba kalata yomutumiza patsogolo. Anamuyeza magazi a kachilombo koyambitsa Edzi, ndipo musakhumudwe akakupemphani zimenezi, aliyense wobwera ndi chotupa chokhalitsa amayezedwa chifukwa matenda awiriwa amayendera limodzi kawirikawiri. Anamujambula pachifuwa. Kenako anabaya chotupacho ndi kasingano kopyapyala n'kukoka timadzi tokayeza. Ndi mphindi zochepa, ululu wake ngati wa jakisoni wamba. Zinapezeka kuti ndi chifuwa chachikulu. Anamwa mankhwala miyezi 6, osadumphitsa, ndipo mankhwala amenewa m'zipatala za boma ndi za khonsolo salipiritsa. M'mwezi wachiwiri chotupa chimodzi chinakulirako, iye n'kufuna kusiya mankhwala. Ndinamuuza kuti abwerere akachionetse koma asasiye, chifukwa zimachitika ndithu mankhwala akugwira ntchito. Pano ali bwinobwino, watsala ndi kachipsera.

Nthawi zina kasingano sikapereka yankho, ndiye amachotsa kachidutswa kapena mwanabere yense kuti akamuunike. Akatero akufufuza khansa, ndipo pa zimenezi munthu amatumizidwa ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe, kuja timati ku Gomo. Kwa abambo athu opitirira zaka 40, makamaka osuta ndi omwa, chotupa cholimba ngati mwala, chosasuntha, pamodzi ndi mawu osasa kwa masabata atatu, kuvutika kumeza kapena chilonda cha m'kamwa chosapola, musawalole kunena kuti ndidzapita mwezi ukatha.

Ndiye malire ake ndi awa. Chotupa chapitirira masabata awiri kapena atatu osachepa, pitani. Chakula kuposa masentimita 2, kunena kwake kuposa kupingasa kwa chala chanu chachikulu, pitani. Chili pa kadzenje ka pamwamba pa fupa lija, pitani sabata yomweyo ngakhale chikhale chaching'ono, malo amenewo sitidikira. Mwapezanso zina m'khwapa ndi m'mphechepeche, pitani. Ndipo musamwe mapiritsi aja a puredinisoloni amene ena amapatsana kuti aphwetse zotupa, amabisa matenda, oyeza n'kulephera kuona chenicheni.

Pali zina zosadikira ngakhale kucha. Chotupa chafiira, chatentha, chikukula pa maola ochepa. Munthu akulephera kumeza malovu, kutsegula pakamwa kapena kupuma bwino, makamaka ngati zayambira pa dzino n'kutupa kunsi kwa chibwano konse. Khosi lauma, mwana walefuka, kapena ndi khanda lotentha thupi. Pamenepo pezani galimoto usiku womwewo.

Mayi amene munanditumizira chithunzi dzulo, chotupa chanucho chili pakati pa khosi kutsogolo ndipo mwati chimakwera mukameza. Chimenecho chikuoneka ngati chithokomiro, osati mwanabere, koma pachithunzi sindingagwire. Pitani kukiliniki Lolemba, mutenge kabuku kanu ka kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mwamwa, ndipo muwauze mwezi umene chinayamba.