Kukonza mipata ndi mizere yotsalira m'buku la Chichewa

Muli bwanji nonse? Taonani tsamba ili. Ndi buku la Chichewa la A5, lolembedwa mu Word, zilembo zake za saizi 11, ndipo mizere yake aiyalanitsa mbali zonse ziwiri. Mzere wachitatuwu mawu athinana bwino, koma wachinayi uli ndi mipata ngati mano ogweluka. Chachititsa ndi mawu oti "anakhululukirana". Sanakwane kumapeto kwa mzere, ndiye onse atsikira pansi, ndipo Word yamwaza mawu otsalawo kuti afike m'mphepete.

Chichewa chili ndi mawu ataliatali, tsamba la A5 ndi lopapatiza, choncho vutoli silingalephere. Ena amathamangira kuyatsa Automatic Hyphenation kuti kompyuta izidula yokha mawu. Musatero. Imadula potsata malamulo a Chingerezi, ndipo "chiyembekezo" ikhoza kumudula "chiyem-bekezo", pomwe ife timatchula chi-ye-mbe-ke-zo. Dulani nokha, pambuyo pa lembo la liwu: a, e, i, o, u. Ma "mb", "nd", "nkh" ndi "ng'" sasiyanitsidwa, amapitira limodzi kumzere wapansi.

Koma podula mawu musalembe kamzere wamba. Ikani kesa pakati pa "anakhulu" ndi "lukirana", kenako dinani Ctrl ndi kamzereko pamodzi. Kamzere kameneka kamaoneka pokhapokha mawuwo akagwera kumapeto kwa mzere. Mawa mukawonjezera chiganizo, mawuwo n'kusunthira pakati, kamabisala kokha. Kamzere wamba kamatsala pomwepo, n'kusindikizidwa pakati pa mawu.

Ngati mzere wina watambasuka mopitirira muyeso, mawu atatu okha mzere wonse, dinani Ctrl+Shift+8 muone zizindikiro zobisika. Kawirikawiri mupeza kuti wotaipa anadina Shift+Enter. Fufutani, muike Enter wamba.

Tsopano tsikani m'munsi mwa tsamba 14. Ndime yayamba ndi mzere umodzi wokha, yotsalayo ili pa tsamba 15. Pamwamba pa tsamba 17 pali chosemphana nacho: mzere womaliza wa ndime uli wokhawokha. Apa m'pamene anthu ambiri amawonongera buku, chifukwa amangodina Enter mpaka ndimeyo itawolokera tsamba lina. Lero zioneka bwino. Mukangosintha liwu limodzi pa tsamba 3, mipata ija isunthira pakati pa tsamba, ndipo muyambiranso ntchito.

Sankhani zolemba zonse, mutsegule Paragraph, kenako Line and Page Breaks, muchonge Widow/Orphan control. Word izionetsetsa kuti mizere yosachepera iwiri ikhale pamodzi. Pa timitu, chongani Keep with next kuti kamutu kasatsale kokha m'munsi nkhani yake ili kuseri. Pa mitu ya machaputala, chongani Page break before. Ogwiritsa ntchito InDesign, zimenezi muzipeza pa Keep Options.

Izi zili ndi mtengo wake, ndipo ndikufuna muumvetse. Word ikakankhira mzere kutsogolo, tsamba 14 limaperewera mzere umodzi, pomwe 15 ladzaza. Munthu akatsegula buku amaona masamba awiriwa limodzi, ndipo diso limagwira msanga kuti m'munsi simukufanana. Mankhwala ake ndi kupeza mzere umodzi pamwambapa. Fufuzani ndime yaitali imene mzere wake womaliza uli ndi liwu limodzi lalifupi. Nayi iyi, yathera pa "basi". Isankheni yonse, mutsegule Font, kenako Advanced, pa Spacing musankhe Condensed, mulembe 0.1 pt. Mwaona? "Basi" wakwera, ndime yafupika ndi mzere umodzi, ndipo ndime ya m'munsi ija yapeza malo a mizere iwiri. Tsamba ladzaza.

Ikakana pa 0.1, yesani 0.2, koma musapyole pamenepo. Zilembo zimayamba kukhudzana, ndipo ndimeyo imaoneka yakuda kuposa zinzake. Yesani ndime ina, kapena pemphani mwini buku achotse liwu limodzi. Ine ndimakonda njira yachiwiriyi, chifukwa sisiya chipsera pa tsamba. Chimodzimodzi ngati chaputala chathera ndi mizere iwiri pa tsamba lakelake: bwererani masamba angapo, mukoke ndime ziwiri.

Ntchitoyi muichite pomaliza, owerenga zolakwika atamaliza, ndipo muyambire tsamba loyamba kupita kutsogolo, chifukwa chilichonse chomwe mwasintha chimasuntha zonse za patsogolo pake mpaka kumapeto kwa chaputala. Mukamapita kukasindikiza, kaya ku Old Town kaya ku Area 3, tengani PDF, osati fayilo ya Word. Kompyuta yawo ikapanda mtundu wa zilembo womwe mwagwiritsa ntchito, imaika wina, ndipo mizere yonse imene mwakonzayi imasuntha.