Mudikire masiku angati musanafunse zotsatira za intavyu?

Zikomo a tcheyamani. Amayi ndi abambo, abale ndi alongo, Lamulungu lapitali mayi ena anandiimitsa pakhomo pomwepa n'kundiuza kuti mwana wawo anakachita intavyu ku Midrand, ndipo pamapeto pake anangouzidwa kuti adzamuimbira, popanda kutchula tsiku. Chiyambire tsiku limenelo mnyamatayo akugona ndi foni kumutu, ndipo ikangolira amadzambatuka poganiza kuti ndi abwana aja. Funso la mayiwo linali lakuti kodi aimbe yekha, kapena akaimba aoneka wovuta? Ndaganiza zoyankha pagulu chifukwa ambiri a ife kuno ku Joni tinadutsamo m'zimenezi.

Yankho langa ndi lakuti ngati sanakupatseni tsiku, dikirani masiku ogwira ntchito asanu mpaka asanu ndi awiri, kenako funsani kamodzi mwaulemu. Limeneli si lamulo la boma ayi, koma ndi nthawi imene olemba ntchito ambiri amaiona kuti ndi yoyenera. Mawu ofunika kuwagwiritsitsa ndi akuti masiku ogwira ntchito, pakuti apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi sawerengedwa, ndipo tsiku la intavyulo nalonso silowerengedwa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti munachita intavyu pakampani yosunga ndi kutumiza katundu ku Kempton Park Lachinayi pa 18 Seputembala 2025. Tsiku loyamba ndi Lachisanu pa 19, lachiwiri ndi Lolemba pa 22, ndipo lachitatu ndi Lachiwiri pa 23. Lachitatu pa 24 mulidumphe, chifukwa 24 Seputembala ndi tchuthi cha dziko lonse kuno ku South Africa. Motero Lachinayi pa 25 ndi tsiku lachinayi, ndipo Lachisanu pa 26 ndi lachisanu. Munthu amene akungowerenga pakalendala amaona kuti padutsa masiku asanu ndi atatu ndipo mtima umayamba kukwera, pamene kwa amene ali muofesi muja yangotha sabata imodzi yokha. Ine ndikanakhala inu sindikanafunsa Lachisanu masana anthu akuganiza zoweruka, kapena Lolemba m'mamawa pamene akulimbana ndi mulu wa maimelo. Ndikanafunsa Lachiwiri pa 30, cha m'ma 10 koloko m'mawa, lomwe ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri.

Mwina mukudabwa kuti amachedweranji chonchi. Inu si nokha amene munaitanidwa, ndipo mwina munali woyamba pamndandanda wa anthu amene akuonedwa sabata yonse. Akamaliza, amene anakufunsani mafunso kawirikawiri sakhala amene amasaina, kotero dzina lanu liyenera kupita kwa manijala wamkulu ndi ku ofesi yoona za antchito. Kenako amaimbira anthu amene munawalemba pasivi kuti akuchitireni umboni, ndipo ngati mmodzi wa iwo ali ku Mzuzu kapena ku Mangochi ndipo foni yake siikupezeka, nkhani yanu imaima pomwepo. Ife obwera tili ndi china choonjezera, chifukwa lamulo la dziko lino limafuna kuti wolemba ntchito atsimikize kuti pemiti ya mlendo ikumulola kugwira ntchitoyo, ndipo makampani ena amafunanso kalata ya SAQA, bungwe loona za masatifiketi a maphunziro, yosonyeza kuti satifiketi ya kumudzi ikufanana ndi iti ya kuno. Choncho chete wa sabata imodzi sakutanthauza kuti mwakanidwa.

Ndikuuzeni za ine ndemwe. Nditangofika kumene kuno ndinachita intavyu pamalo ena Lachiwiri, ndipo pofika Lachitatu masana ndinali nditaimba kale katatu. Ulendo wachitatu mayi wa palisepishoni anandizindikira mawu ndisanatchule n'komwe dzina, napumira m'mwamba, n'kunena kuti abwana akudziwa kuti ndinaimba. Ntchitoyo sindinaipeze. Sindinganene kuti chinandilepheretsa ndi foniyo, koma ndinadziona ndekha kuti ndasanduka munthu amene anthu amamuthawa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Komabe anatinso ndionetsetse anathetsa nkhosa, ndipo wokhala chete mwezi wathunthu naye akhoza kuoneka ngati ntchitoyo sakuifuna.

Tsono masiku asanu mpaka asanu ndi awiriwa sagwira paliponse. Ngati ndi ntchito ya palesitilanti, pashopu ya mwenye ku Fordsburg, yaulonda kapena ya m'nyumba, mwiniwake amasankha yekha ndipo amafuna munthu msanga, kotero masiku awiri kapena atatu ndi okwanira. Ngati munadzera kwa ejenti wolemba anthu ntchito, mufunseni iyeyo patatha masiku atatu kapena anayi, ndipo musamudumphe n'kupita kukampani mwachindunji, chifukwa zimenezo zimakhumudwitsa onse awiri. Mabungwe akuluakulu monga mayunivesite ndi zipatala amadutsa m'makomiti, ndipo kumeneko ndi bwino kudikira masabata awiri. Muganizirenso nyengo. Intavyu ya kumayambiriro kwa Disembala ikhoza kukhala osayankhidwa mpaka pakati pa Januwale, popeza makampani ambiri, makamaka a zomangamanga, amatseka cha pa 16 Disembala.

Nanga mufunse bwanji? Gwiritsani ntchito njira imene iwo anakuitanirani. Ngati anakulemberani imelo, yankhani pa imelo yomweyo kuti aone pomwepo kuti ndinu ndani, ndipo ngati anakulemberani pa WhatsApp lembani uthenga, osati kujambula mawu. Chonde musatumize Please Call Me kwa munthu amene mukufuna kuti akulembeni ntchito. Uthengawo mudzaulemba m'Chingerezi, koma mfundo zake zikhale zinayi zokha: dzina lanu lonse, ntchito imene munafunsira pamodzi ndi tsiku la intavyu, mawu akuti ntchitoyo mukuifunabe, ndi funso lakuti akuyembekezera kupanga chiganizo liti. Funsani za nthawi, osati zakuti kodi mwapambana, chifukwa funso la nthawi munthu angathe kuliyankha ngakhale chiganizo chisanapangidwe. Za lendi, za sukulufizi ndi za odwala kumudzi musazilembemo, ngakhale zili zoona.

Akakuyankhani kuti akadali mkati mosankha ndipo akutchulirani tsiku, dikirani tsikulo lidutse ndi tsiku limodzi kapena awiri musanafunsenso. Akapanda kuyankha, dikirani masiku ena asanu ogwira ntchito ndipo mulembe kachiwiri mwachidule. M'chitsanzo chathu chija, umenewo ndi uthenga wa Lachiwiri pa 7 Okutobala. Ukapitanso wopanda yankho, lekerani pomwepo ndipo muike mtima pa ntchito zina zimene munafunsira, zomwe simunayenere kuzisiya ngakhale tsiku limodzi.

Pali nthawi imodzi imene simuyenera kuwerenga masiku konse. Ngati kampani ina yakupatsani ntchito ndipo ikufuna yankho pofika Lachisanu, lemberani oyamba aja tsiku lomwelo, ngakhale papita masiku awiri okha, kuwauza kuti mwalandira mwayi wina, kuti mukanakonda kugwira kwa iwo, ndi kuti muyenera kuyankha pofika Lachisanu. Koma zimenezi munene pokhapokha zili zoona, chifukwa akhoza kukuyankhani kuti pitani bwino, inu n'kutsala m'manja muli mbee.