Kauntala ya chifundo pa lupanga la chilombo cha kuphanga

Achimwene, mwaswera bwanji? Uthenga wanu uja ndaumva, woti osewera akudandaula kuti gemu yanu ikukondera. Ndiyankha pa mawu, kulemba kungatalike.

Musavutike kufufuza cholakwika mu khodi. Mwati chilombo cha kuphanga chimagwetsa lupanga pa 2 peresenti, eti? Wosewera akamva zimenezo, mumtima amati ndikachipha ka 50 lupanga ndi langa. Koma kompyuta imachita maere atsopano ulendo uliwonse, siikumbukira kuti munthuyu wabwerera chimanjamanja kangati. Tengani 0.98, muichulukitse yokha ka 50, mupeza 0.36. Ndiye kuti mwa osewera 100, anthu 36 afika pa 50 alibe kanthu, ndipo 13 adutsa ngakhale pa 100 akadali chimanjamanja, pamene mnzawo analipeza ulendo wachitatu. Akudandaulawo ndi amenewo, ndipo sakunama.

Mankhwala ake ndi kauntala ya chifundo. Wosewera aliyense mumamusungira nambala yowerenga maulendo amene wapha chilombocho osapeza lupanga, ikafika pamalire lupanga limagwa popanda maere. Si zachilendo. Mu gemu ya Genshin Impact mwayi wopeza mphoto yosowa kwambiri, ya nyenyezi zisanu, ndi 0.6 peresenti, koma pa ulendo wa 90 umapeza ndithu. Khodi ya kauntala yanu ndaitumiza pansipa.

```
tries += 1
if tries >= 100 or random() < 0.02:
    give(sword)
    tries = 0
save(player, tries)
```

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa ambiri amaphonya posankha malire. Chifundo sichaulere ayi, chimachulukitsa malupanga mu gemu. Popanda kauntala, pamafunika maulendo 50 pa avereji kuti lupanga limodzi lituluke. Mukaika malire pa 60, avereji imatsika kufika pa 35, kutanthauza kuti malupanga achuluka ndi 40 peresenti ndi kakusefukira. Ngati osewera amagulitsana zinthu, mtengo wa lupanga ugwa ngati tomato wa nthawi yokolola.

Mwina muganiza kuti, chabwino, nditsitse mwayi wa maere kuti avereji ibwerere pa 50. Zimatheka, koma ndi malire a 60 muyenera kutsitsa mpaka cha pa 0.64 peresenti, ndipo pamenepo osewera awiri mwa atatu alionse azilandira lupanga pa ulendo wa 60 ndendende. Maere afa pamenepo. Wosewera angowerenga maulendo ngati akudikira malipiro a kumapeto kwa mwezi, mtima osagunda chilombo chikamagwa. Ine ndikuti siyani 2 peresenti, malire muike pa 100. Avereji ikhala pa 43, ndipo chifundo chigwira anthu 13 kapena 14 okha pa 100, omwe aja tsoka linawakakamira.

Mukafuna zosalala, yambani kukweza mwayi pang'onopang'ono malire asanafike, tinene kuyambira pa 80 muziwonjezera 5 peresenti ulendo uliwonse. Koma yambani ndi yosavutayi kaye.

Zimene zimawonongeka ndi izi. Onani mzere wa `tries = 0`, uli mkati mwa `if`, ndiye umagwira lupanga likagwa mwa maere kapena mwa chifundo. Mukaubwezeretsa pa ziro pa chifundo pokha, munthu apeza lupanga pa 97 mwamwayi, kenako lina pa 100. Mukaona anthu akulandira awiri motsatizana pafupi ndi malire, vuto ndi limenelo.

Kauntala muisunge pa seva, pamodzi ndi katundu wa wosewerayo. Ikakhala pa foni yake, wochenjera aisintha kukhala 99. Ikakhala mu memore yokha, netiweki ikaduka kapena seva ikazima, munthu amene anali pa 90 ayambiranso pa ziro osadziwa. Ndipo kupereka lupanga ndi kusunga kauntala zichitikire limodzi. Chikwama cha wosewera chikakhala chodzaza, musafafanize kauntala lupanga lisanalowe, apo ayi mwamulanda maulendo 100.

China, chilombo chilichonse chikhale ndi kauntala yake. Mukagwiritsa ntchito imodzi pa zilombo zonse, anthu azipha makoswe a pakhomo ka 99, kenako n'kupita kuphanga kamodzi kukatenga lupanga.

Musanaitulutse, yesani ndi osewera ongopeka 100,000 pa kompyuta, aliyense aziyesa mpaka lupanga ligwe. Muone manambala awiri. Wamkulu kwambiri akhale 100 ndendende; mukaona 101, mwalemba `>` m'malo mwa `>=`. Avereji ikhale pafupi ndi 43. Zikatero, ikani nambalayo pa sikirini, wosewera aziona `64/100` chilombo chikagwa, chifukwa kauntala yobisika siithetsa madandaulo. Munditumizire manambala awiriwo mukayesa.