Ndimu ndi dzuwa sizigwirizana pankhope

Zikomo amfumu potipatsa mpata. Atsikana inu muli kumbuyoko, senderani kuno kumthunzi, nkhaniyi ndi yanu.

Sabata yathayi kuchipatala kwathu kunabwera mtsikana wina, dzina sinditchula. Ankakonzekera chinkhoswe cha mkulu wake, ndiye mnzake anamuuza kuti afinyire ndimu m'mbale, athiremo soda, apake kumaso kuti ziphuphu zithe, khungu liwale. Anapaka m'mawa, n'kungopukuta ndi chitenje osasamba, basi ulendo wa kudimba. Tsiku limenelo anangomva kunyerenyetsa. Mawa lake masaya anayamba kuwotcha, pofika tsiku lachitatu matuza atuluka. Pakhosi panali mizere yotupa, yotsata ndendende momwe madzi a ndimu anayenderera.

Mu ndimu, makamaka m'khungu lake, muli mankhwala ena amene akalowa m'khungu la munthu n'kukumana ndi dzuwa amaliwotcha. Sizioneka pompo. Zimayamba patatha tsiku, n'kufika poipa pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, n'chifukwa chake ambiri saganizira ndimu, amathamangira kunena kuti wina wawachita chipongwe. Matuza akapola pamatsala mawanga akuda bii, ndipo pakhungu lathu lakudali amatha miyezi yambiri asanazilale. Ndiye taganizani dzuwa la kuno ku Nsanje ndi ku Chikwawa mu Okutobala, kutentha kopitirira madigiri 40. Ndimu pankhope ayi, amayi. Ndikubwereza: ndimu pankhope ayi.

Eya, amayi mwakweza mkono apo?

"Koma anesi, ndimu timathira m'tiyi, soda timathira m'therere, ana amadya osadwala. Nanga pankhope pokha ndiye ziwononge?"

Mwafunsira ambiri, amayi. M'therere mumathira soda wochuluka bwanji? Kongotsina ndi zala, mphika wonse. Tsiku lomwe dzanja lalemera, ndiwo zija zimaterereka moipa, ana n'kuzisiya. Pomwe pankhope mumamata sipuni yathunthu, n'kumakhula nayenso. Komanso m'mimba munapangidwa kuti muzikhala asidi, muli chinanda chotchinjiriza. Khungu ayi. Pali muyeso wa asidi wotchedwa pH, nambala ikachepa ndiye kuti asidi ndi wambiri: khungu labwino limakhala cha pa 5, madzi a ndimu pa 2, soda pa 8 kapena kuposerapo pang'ono. Ndimu amakokera khungu mbali ino, soda amakokera mbali inayo n'kuchotsa mafuta achilengedwe otetezera. Khungu limauma, kung'aluka timing'alu tosaoneka, tizilombo n'kupeza polowera, ziphuphu zomwe mumathamangitsa zija n'kuwonjezeka. Thovu limene limatuluka mukasakaniza ziwirizi musaliyese mphamvu ya mankhwala. Ndi mpweya chabe, ndipo mankhwala owotcha khungu padzuwa aja amakhala adakalimo.

Inunso abambo mukuseka pamenepo, ndimakuonani. Mukameta ndevu mumapaka mankhwala otsukira mano pa tiziphuphu. Ena amamangirira adyo wosinja usiku wonse, m'mawa chilonda chofiira. Adyo amawotcha yekha, ngakhale popanda dzuwa. Lekani zimenezo. Ndipo amayi, mwana akamatenga soda kukhitchini kulibe therere pamoto, mufunseni.

Uchi ndi wosiyana. Anthu ambiri suwavuta, umafewetsa khungu ndi kusunga chinyezi. Koma suyeretsa munthu, ndiponso suchotsa mawanga, amene akukuuzani choncho akufuna ndalama zanu. Chenjerani ndi wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, wina amasakaniza ndi shuga wosungunula. Alipo anthu amene thupi lawo limadana ndi uchi, ndiye yambani mwayesa kadontho mkati mwa mkono, mudikire masiku awiri. Pakapanda kuyabwa kapena kutupa, pakani pang'ono pankhope yosamba, mphindi 10 kapena 15, tsukani ndi madzi oyera. Uchi wokha. Mukangodonthezamo ndimu, mwabwerera ku vuto lomwe lija.

Ndaona ena mwayamba kusenza zidebe, ndithamange. Ngati mwapaka kale, sambani msanga ndi madzi ambiri ndi sopo wofatsa, osakhula. Masiku awiri kapena atatu pewani dzuwa, mukatuluka valani chipewa chachikulu kapena fundani chitenje. Pakamawotcha ikani kansalu koyera konyowetsa m'madzi ozizira, kenako vaselini wopanda fungo. Matuza musaboole. Phulusa, mafuta a galimoto, zodzola zoyeretsa khungu za pamsika, osayika. Matuza akakhala aakulu, pakatuluka mafinya, zikope zikatupa, kapena zimene munapakazo zikalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera mubwere kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mudzatiuze zoona zimene munapaka, sitikukalipirani. Mukafinya ndimu kukhitchini, sambani m'manja musanapite kumjigo, chifukwa manja nawonso amapsa chimodzimodzi.

Amene muli ndi mawanga kale, tsalani pang'ono ndikuoneni mmodzimmodzi kuseri kwa mtengowu.