Mtengo wa tikiti ya ndege: tsiku, bwalo ndi nthawi yogulira

Zikomo a wapampando, zikomo amayi ndi abambo nonse. Ndapemphedwa kuti ndifotokoze za mitengo ya matikiti a ndege, popeza ambiri muno muli ndi ana kapena abale ku Joni ndi maiko ena, ndipo funso limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti, zimatheka bwanji kuti anthu awiri okhala mipando yoyandikana m'ndege imodzi alipire ndalama zosiyana kwambiri.

Yankho lake lili m'mene makampani a ndege amagulitsira mipando. Ngakhale mipando ya kumbuyo imaoneka yofanana, kampani imaigawa m'magulu angapo a mitengo, ndipo gulu lililonse lili ndi chilembo chake chimene mungachione pa tikiti yanu. Gulu lotsika mtengo kwambiri limakhala ndi mipando yowerengeka, komanso malamulo ake ndi okhwima: kusintha tsiku mumalipira, ndipo mukalephera ulendo ndalama zambiri sizibwezedwa. Mipando ya gululo ikatha, kompyuta imayamba kugulitsa ya gulu lotsatira, limene ndi lokwererapo. Choncho mukamva kuti tikiti yakwera, nthawi zambiri sikuti kampani yakweza mitengo, koma kuti mipando yotchipa ya ndege ya tsiku limenelo yatha. Ndege ya mawa lake ikhoza kukhala nayo idakalipo. Zonse zimene ndinene lero zikuchokera pamenepa.

Tiyeni titenge ulendo umodzi, tiutsate mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Chilomoni akupita ku ukwati wa mwana wake ku Johannesburg, ndipo ukwatiwo uli Loweruka lapakati pa mwezi wa Disembala. Manambala amene nditchule ndi ongoyerekeza kuti tione kawerengedwe kake, si mitengo ya lero. Mayiwo akafika kwa ajenti wogulitsa matikiti amanena kuti, ndikufuna kunyamuka Lachisanu, ndibwere pa 3 Januwale. Ajenti amayang'ana masiku awiri okhawo, n'kunena kuti madola 560. Palibe amene wanama, koma funso ndi limene linali lopapatiza. Akanafunsa kuti, kodi pakati pa Lolemba ndi Lachisanu la sabata imeneyo, tsiku lotsika mtengo ndi liti, mwina akanamva kuti Lachiwiri ulendo womwewo ndi madola 480, chifukwa Lachisanu ndi Lamulungu ndi masiku amene anthu a ntchito ndi a bizinesi amakonda kuyenda. Kumbukiraninso kuti si kampani iliyonse imene imauluka tsiku lililonse kuchokera ku Chileka, kotero kusuntha tsiku kumatha kukupezetsani kampani ina yopikisana nayo.

Koma pa ulendo uwu, ndalama zambiri zabisala pa tsiku lobwerera, ndipo apa ndikupempha kuti mumvetsere bwino, chifukwa ambiri timangoti Disembala ndi wodula osaona kumene anthu akulowera. Khirisimasi ikamayandikira, abale athu ogwira ntchito ku South Africa amakhala akubwera kuno kumudzi, ndipo chaka chatsopano chikangolowa amabwerera ku ntchito. Ndiye kuti ndege zimene zimadzaza masiku a pafupi ndi Khirisimasi ndi zochokera ku Joni kubwera kuno, pamene zodzaza kumayambiriro kwa Januwale ndi zochokera kuno kupita ku Joni. Mayi wathu akasintha maganizo n'kuti abwere pa 22 Disembala kuti adzadye Khirisimasi kwawo, akulimbirana mpando ndi khamu lonselo. Akabwera patangopita masiku awiri kapena atatu ukwati utatha, kapena akadikira mpaka Januwale atalowa, akuyenda mosemphana ndi khamulo. Musanasankhe tsiku, dzifunseni kuti anthu ambiri tsiku limenelo akulowera kuti.

Amene muli ndi foni ya intaneti, kapena mdzukulu wodziwa kuigwiritsa ntchito, mungadzionere nokha zonsezi musanapite kwa ajenti. Tsegulani Google Flights, tsamba la pa intaneti loonetsa mitengo ya ndege, pamalo ponyamukira mulembe BLZ, chimene ndi chizindikiro cha bwalo la Chileka, ndipo pofikira mulembe JNB, bwalo la OR Tambo. Mukasankha masiku, yang'anani polembedwa Date grid. Pamenepo pamatuluka tebulo limene mbali imodzi ndi masiku onyamukira, mbali ina masiku obwerera, ndipo bokosi lililonse lili ndi mtengo wake. M'mphindi zochepa muona zimene ajenti akanafufuza kwa nthawi yaitali. Chenjezo lake ndi lakuti mtengo wotsikitsitsa pa tebulopo nthawi zina ndi wa ndege yozungulira, yoti mukasinthe ku Addis Ababa kapena ku Nairobi n'kukhala maola ambiri pabwalo, pamene ulendo wachindunji wa ku Joni ndi wa maola awiri ndi pang'ono. Onaninso katundu amene mtengowo ukuloleza, chifukwa tikiti yotchipa yololeza chikwama chimodzi imadzadula pa sikelo ya pa Chileka mayi atanyamula ufa, mpunga wa Kilombero ndi chambo chouma.

Tsopano za mabwalo. Ife a kuno tili ndi mabwalo awiri amene tingawaganizire: Chileka, pamtunda wosakwana makilomita 20 kuchokera m'tauni, ndi bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, limene chizindikiro chake ndi LLW. Ku Lilongwe kumatera ndege zambiri kuposa kuno, choncho si zachilendo kupeza kuti tikiti yonyamukira kumeneko yatsikirapo, makamaka pa maulendo a kutali. Tinene kuti mayi uja wapeza kuti kunyamukira ku Lilongwe ndi madola 430, pamene Chileka ndi 480. Kusiyana kwake ndi madola 50. Asanasangalale, atenge pepala. Kuchokera kuno kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 300, ulendo wa maola anayi kapena asanu pa basi kudzera pa Zalewa, Ntcheu ndi Dedza, ndipo basiyo alipira kawiri, popita ndi pobwera. Basi ikakusiyani m'tauni, bwalo lili patsogolo makilomita ena oposa 20, ndiye pafunika takisi, kawirinso. Ngati ndege ndi ya m'mawa, ayenera kugona komweko dzulo lake, ndipo ngati alibe m'bale ku Area 25 kapena ku Lumbadzi, malo ogona ndi ndalama zina. Mukaphatikiza zonsezi, madola 50 aja atha, mwinanso mwaonjezera, osawerengera kutopa ndi chiopsezo choti basi ikachedwa panjira ndege yakusiyani. Kwa munthu mmodzi wopita ku Joni, ine ndimati kwerani pa Chileka. Koma ngati ndi banja la anthu anayi loyenda pa galimoto imodzi, kapena ulendo wa ku Ulaya pamene kusiyana kwafika madola 150 pa munthu, Lilongwe ndi yoyenera kuiganizira.

Pali msampha umodzi umene wagwira anthu ochenjera. Ndege zina zochokera ku Lilongwe zimaima pa Chileka zisanapitirire. Munthu amaona kuti tikiti yonyamukira ku Lilongwe ndi yotchipa, n'kuganiza kuti aigule, kenako akangokwerera pa Chileka, popeza ndege ndi yomweyo. Musayerekeze kutero. Mukapanda kuoneka pamalo oyamba olembedwa pa tikiti, kompyuta imakulembani kuti simunabwere, ndipo imafafaniza mbali zonse zotsala za ulendo, kuphatikizapo yobwerera. Mudzafika pa Chileka ndi zikwama zanu n'kuuzidwa kuti dzina lanu mulibe. Njira yovomerezeka ndi kupempha tikiti imodzi yonyamukira bwalo lina n'kubwerera bwalo lina, mwachitsanzo kunyamukira ku Lilongwe n'kudzatsikira pa Chileka. Ajenti aliyense amatha kuikonza, ndipo pa Google Flights ndi pamene palembedwa Multi-city.

Nzeru yomweyi imagwiranso ntchito kumene mukupita. Wopita ku England asangofufuza bwalo la Heathrow, ayesenso la Gatwick ndi la Manchester, n'kuphatikiza mtengo wa sitima yokafika kwa mwana wake. Chimene sindilimbikitsa ndi kugula matikiti awiri osiyana, ina yokafika ku Joni, ina ya kampani ina yopitira ku Cape Town kapena ku Durban, nthawi yosinthira ili yochepa. Ndege yoyamba ikachedwa, kampani yachiwiri ilibe nanu mlandu, mugulanso tikiti yatsopano. Zikakhala pa tikiti imodzi, kampani ndi imene imakupezerani ndege ina.

Nanga tigule liti? Mwamvapo kuti matikiti amatchipa pakati pa usiku kapena Lachiwiri. Musataye tulo ndi zimenezo, chifukwa chachikulu ndi tsiku limene mukuuluka ndi kuchuluka kwa mipando yotchipa imene yatsala, osati ola limene mwatsegula foni. Ena amadikira dala mpaka sabata yomaliza poganiza kuti ndege ili ngati minibasi ya ku Limbe, imene kondakitala amatsitsa mtengo kuti adzaze mipando. Ndege imachita zosiyana. Wogula mochedwa kampani imamudziwa kuti ndi wa maliro, wodwazika matenda kapena wotumidwa ndi ofesi, amene alipira mtengo uliwonse, choncho masiku omaliza pamatsala magulu odula okhaokha. Malangizo anga ndi akuti pa ulendo wa nthawi wamba muyambe kuyang'ana kudakali miyezi itatu, mugule pasanatsale mwezi umodzi. Pa ulendo wa Disembala, ngati wa mayi uja, Seputembala asathe musanagule. Mukayatsa polembedwa Track prices, mumalandira uthenga mtengo ukasintha, ndipo pakatha sabata ziwiri mukhala mutadziwa mtengo wamba wa njirayo. Mukaona watsikirapo, gulani, osadikira kuti utsikenso.

Kwa ife a Malawi pali chifukwa china chosachedwera. Mitengo ya matikiti a kunja imawerengedwa m'madola, ajenti amangoisintha kukhala makwacha pa tsiku lolipira. Mukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene anali atasungitsa malo koma asanalipire anauzidwa mtengo watsopano wa makwacha ngakhale wa madola sunasinthe. Kusungitsa malo si kugula. Ajenti akakupatsani pepala lokhala ndi zilembo ndi manambala zisanu ndi chimodzi, limenelo ndi malo osungidwa chabe, ali ndi tsiku ndi ola lothera, ndipo mtengo wake ungasinthe. Tikiti yeniyeni ili ndi nambala ya manambala 13. Mukalipira, musachoke mu ofesimo musanaione nambala imeneyo, ndipo muyerekeze dzina lolembedwapo ndi la mu pasipoti yanu chilembo ndi chilembo, chifukwa kukonza dzina tikiti itatuluka kale kumavuta ndipo kawirikawiri kumalipitsidwa.

Ndaona kuti bambo kumbuyoko akweza dzanja kalekale. A wapampando, mukandilola tiyambire kwa iwo.